Galimoto yozima yokha pa maloboti: chifukwa chake batire latsopano likufa msanga

Dandaulo limeneli lafala m'magalaja a mu Lusaka. Munthu ali ndi galimoto ya sitopu-sitati, imene injini imazima yokha akaima pa maloboti n'kuliranso akachotsa phazi pa buleki. Batire limene inabwera nalo latha, wagula lina lokwana bwinobwino pamalopo, koma chaka chisanathe nalonso lafooka. Wogulitsa akuti vuto ndi alitaneta, makaniko akuti mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Nthawi zambiri onse awiri amakhala akulakwitsa. Batirelo silinali loipa, linangopatsidwa ntchito imene silinapangidwire.

Galimoto yakale imagwiritsa ntchito batire kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alitaneta imalidzaza n'kulisunga lodzaza ulendo wonse. Ya sitopu-sitati siitero. Injini ikazima pa maloboti, magetsi akutsogolo, fani, wailesi ndi mawaipa zonse zimadya batire. Komanso magalimoto ambiri otere ali ndi alitaneta yolamulidwa ndi kompyuta, imene mwadala imasiya batire pafupifupi pa 80 peresenti, kuti mukachotsa phazi pa mafuta kapena kugwira buleki pakhale malo othirapo magetsi ambiri mwadzidzidzi. Choncho batire limakhala moyo wake wonse losadzaza, likutsika ndi kukwera kambirimbiri pa tsiku.

Batire wamba, la asidi wamadzi, silipirira zimenezi. Likakhala losadzaza, mchere wa salufeti umauma pa mapuleti ake ndipo subwereranso mu asidi. Asidi wolemera amatsikira pansi, wopepuka n'kutsala pamwamba, ndiye mbali ya pansi ya mapuleti imadyeka pamene ya pamwamba ikugona. Kutsika ndi kukwera kuja kumayoyolanso phala la mtovu limene lili pa mapuleti. Mu batire la AGM asidi amamwedwa ndi nsalu ya ulusi wa galasi yopanikizidwa pakati pa mapuleti, moti satsikira pansi mosavuta, phala siliyoyoka msanga, ndipo limalandira magetsi mofulumira. Pakati pa awiriwa pali lina lotchedwa EFB, la asidi wamadzi koma lolimbitsidwa.

## Musanayeze china chilichonse, werengani batire

Yambani ndi kudziwa chimene galimotoyo inachoka nacho ku fakitale, poona m'buku lake kapena pofunsitsa ndi nambala ya chasisi. Musadalire batire limene mwapezamo. Magalimoto amene amatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde amakhala masabata ambiri osayenda, batire limafera m'njira, ndipo wina amangoikamo lililonse kuti galimoto ifike.

- Magalimoto a ku Ulaya, makamaka amene batire lili m'buti kapena pansi pa mpando monga ma BMW ambiri, kawirikawiri amafuna AGM. Pa chikwangwani pamalembedwa AGM kapena VRLA, ndi manambala awiri, Ah yoonetsa kuchuluka kwa magetsi amene limasunga ndi A yoonetsa mphamvu yake yolizira injini, mwachitsanzo 70 Ah 760 A, 80 Ah 800 A kapena 95 Ah 850 A.
- Magalimoto ambiri a ku Japan a sitopu-sitati amagwiritsa ntchito EFB, ndipo chizindikiro chake ndi chilembo chimodzi ndi nambala: M-42, N-55, Q-85, S-95, T-110. Batire wamba la 55D23L limakwana ndendende pamalo a Q-85, n'chifukwa chake anthu ambiri amapusitsika.
- Pamene panali AGM pabwerere AGM. Pamene panali EFB pabwerere EFB. Batire wamba lisalowe m'malo mwa awiriwa, ngakhale litalembedwa kuti silifuna kuthiridwa madzi. Kutsekedwa pamwamba sikulisandutsa AGM.

Mufunikanso mita yoyezera magetsi. Muyeze galimoto itagona usiku wonse, musanalize injini. AGM yodzaza imaonetsa 12.8 V kapena kupitirira pang'ono, batire wamba lodzaza 12.6 V. Pa galimoto ya sitopu-sitati kuona 12.4 kapena 12.5 V m'mawa si chachilendo. Pansi pa 12.2 V batire latsika kwambiri, ndipo 12.0 V kutsika pansi ndiye kuti likuwonongeka tsiku lililonse limene likukhala choncho.

## Chizindikiro 1: Injini yasiya kuzima yokha pa maloboti

Ichi ndicho chimayamba, miyezi ingapo batire lisanafe, ndipo anthu ambiri amakondwera nacho chifukwa kuzimazima kuja kunkawatopetsa kale. Koma kompyuta ikasiya kuzimitsa injini, kawirikawiri imakhala itaona kuti batire silingakwanitse kuilizanso bwino. Zoyambitsa, kuyambira zofala kwambiri:

1. Batire silikudzaza chifukwa cha maulendo aafupi. Kuchoka ku Chilenje kupita m'tauni n'kubwerera, moimaima, sikubweza zimene zadyedwa. Lichajeni usiku wonse ndi chaja yokhala ndi posankha AGM, kapena yendani ulendo wautali wosaimaima, monga wopita ku Kafue n'kubwerera. Ngati kuzima kwabwerera n'kukhalitsa, batire likadali ndi moyo.
2. Muli batire la mtundu wolakwika. Apa kuzima kumabwerera kwa masiku ochepa mukachaja, kenako n'kusowanso. Werengani chikwangwani.
3. Batire ndi loyenera koma silinalembetsedwe mu kompyuta. Galimoto ikuganizabe kuti ili ndi lakale lotopa lija. Onani chizindikiro chachitatu.
4. Palibe vuto lililonse. Injini sizima yokha ngati isanatenthe, ngati ekoni ikulimbana ndi kutentha kwa mu Okutobala, ngati lamba wa dalaivala sanamangidwe, chitseko kapena boneti sizinatsekeke bwino, chiwongolero chakhotetsedwa kwambiri, kapena mwaima pa chitunda. Pa magalimoto a dizilo sizimanso pamene fyuluta ya utsi ikudziyeretsa. Zimitsani ekoni ndi fani, mangani lamba, muyese pamalo athyathyathya injini itatentha.
5. Sensa ya batire yawonongeka kapena sinalumikizidwe. Ndi kabokosi kakang'ono kali pa temino ya negetivu, kokhala ndi kapulagi ka mawaya oonda. Kamayeza magetsi olowa ndi otuluka komanso kutentha. Osintha batire mothamanga amakathyola kapena kuiwala kubwezeretsa kapulagiko.

Pa Mazda, nyali ya sitopu-sitati yolembedwa `i-stop` ikamaphethira ya mtundu wa lalanje, musadikire. Pitani nayo akayeze batire ndi kuwerenga zimene kompyuta yasunga.

## Chizindikiro 2: Batire latsopano lafooka chaka chisanathe

Sitata imazungulira mwaulesi m'mawa, makamaka m'mamawa ozizira a Juni ndi Julayi, wotchi imabwerera pa ziro, ndipo mwayamba kuyenda ndi mawaya ojampira m'buti. Mukayeza pamene sitata ikuzungulira, mita imagwa pansi pa 9.6 V. Pano ndipo pamene anthu amataya ndalama zambiri, choncho tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tichilondole.

Tiyerekeze galimoto imene inabwera ndi AGM ya 80 Ah, mwini wake amakhala ku Chelstone ndipo amagwira ntchito m'tauni. Batire litatha anamuikira wamba la 70 Ah, poti linali lotsika mtengo ndipo matemino ake anafika. Madzulo akubwerera pa msewu wa Great East, magetsi akutsogolo, fani, wailesi ndi makompyuta a galimoto pamodzi zikudya pafupifupi 30 A. Injini ikazima kwa mphindi imodzi, batire lataya theka la Ah imodzi. Ikazima maulendo 20 pa ulendowo, mphindi imodzi nthawi iliyonse, lataya 10 Ah, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 7 a batire lonse. Kuliza injini kumene anthu amakuopa sikudya zambiri: 200 A kwa sekondi imodzi sikufika ngakhale 0.1 Ah. Chimene chimatopetsa batire ndi kuima kuja injini itazima.

Tsopano alitaneta iyenera kubweza 10 Ah zija mu timipata tatifupi ta pakati pa maloboti. AGM ikanameza magetsiwo mwachangu. Batire wamba limalandira pang'onopang'ono, ndiye limafika kunyumba lisanabwerere pamene linali m'mawa. Mawa limayambira pansi pang'ono, mkuja pansi kuposa pamenepo. Kompyuta nayo ikuwerengera pa 80 Ah za AGM zimene inauzidwa, moti ikuganiza kuti muli mphamvu yotsala yambiri kuposa imene ilimodi, ndipo ikupitiriza kuzimitsa injini. Zili ngati kutunga madzi m'chidebe tsiku ndi tsiku n'kumabwezamo kapu yosadzaza. Salufeti akauma, batire limaoneka ngati ladzaza msanga pa chaja koma mkati muli malo ochepa. Mwini galimoto amati ndalichaja dzulo lomweli, ndipo sakunama.

Zoyambitsa motsatana:

1. Batire wamba m'malo mwa AGM kapena EFB. Palibe chokonza china koma kugula loyenera. Kulichaja kungokupatsani masiku ochepa.
2. Ah yochepa kuposa ya ku fakitale. Ngakhale litakhala AGM, laling'ono limatsika mozama pa ntchito yomweyo ndipo limakalamba msanga.
3. Silinalembetsedwe.
4. Linakalambira m'sitolo. Batire limadzitsitsa lokha likangokhala, makamaka pamalo otentha. Pogula, pemphani kuti aliyeze mukuona. AGM yatsopano yoonetsa pansi pa 12.5 V musaitenge, ndipo funsani tsiku limene linapangidwa.
5. Pali chinthu chikuba magetsi usiku. Onani chizindikiro chachinayi.
6. Alitaneta. Imakhala yomaliza pa mndandanda, ngakhale ndiyo imayamba kunamiziridwa.

Pali funso limene limabwera nthawi zonse: nanga ndikamadina batani lozimitsa sitopu-sitati m'mawa uliwonse, batire wamba silingakhale? Lingakhale miyezi ina yoonjezera, inde. Koma batanilo silisintha machajidwe. Kompyuta idzapitirizabe kulisunga losadzaza ndi kulithira magetsi ambiri pa buleki, ndipo ngati batire lili m'buti kapena pansi pa mpando, mwaikanso asidi wamadzi ndi mpweya wake mkati mmene mumakhala anthu. Ine sindingamulangize munthu zimenezo.

Za waranti: ogulitsa ambiri sabweza batire wamba limene lafera mu galimoto yofuna AGM. Uzani wogulitsa kuti alembe pa lisiti mtundu wa batire, Ah yake ndi nambala ya galimoto.

## Chizindikiro 3: Mwaika AGM yeniyeni koma mavuto sanathe

Kuzima sikunabwerere, kapena pa dashibodi pakubwerabe uthenga wa batire, monga `Increased battery discharge` pa BMW. Chofala kwambiri ndi kusalembetsa.

Kompyuta ya galimoto imasunga mbiri ya batire: mtundu wake, Ah yake, zaka zake ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsamo. Batire likamakalamba imasintha machajidwe kuti agwirizane ndi ukalambawo, ndipo imayamba kuzimitsa zinthu zina kuti isunge mphamvu. Mukaika latsopano osaiuza, imalichitira ngati lakale lija. Kulembetsa ndi ntchito ya mphindi zochepa pa makina olumikiza ku soketi ya OBD pansi pa dashibodi, koma makinawo ayenera kukhala odziwa mtundu wa galimoto yanu. Kamakina kotchipa kongofufuta makodi a injini sikakwanitsa.

Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene amakaniko ena amaziphatikiza. Ngati latsopano ndi lofanana mtundu ndi Ah ndi lakale, mumangolembetsa kuti lasinthidwa. Ngati mwasintha Ah kapena mtundu, muyenera kuyamba mwasintha manambalawo mu kompyuta, kenako n'kulembetsa. Pa Volkswagen ndi Audi makina amafunsa Ah, mtundu ndi nambala ya batire, ndipo pa ena a iwo AGM imalembedwa kuti `Fleece`. Musalole kuti asankhe `Wet`, kutanthauza batire la asidi wamadzi, pamene mwaika AGM. Ford ndi Mazda nazo zili ndi njira yake yofufutira mbiri ya batire lakale. Magalimoto ena amaphunzira okha akagona maola angapo atakhomedwa, choncho perekani masiku awiri kapena atatu musanaweruze.

Ngati kulembetsa kunachitika, onani izi:

- Temino yosamangika. Igwedezeni ndi dzanja. Ikazungulira, imangeni. Kukhomera msomali kapena kachitini pakati pa temino ndi mutu wa batire si kukonza.
- Waya wina womangidwa molambalala sensa. Oika zokuzira mawu kapena magetsi oonjezera amakonda kumanga waya wawo wa negetivu pa mutu weniweni wa batire. Magetsi odutsa mmenemo sensa siiwaona, ndiye kuwerengera konse kumasokonekera. Waya wotere upite ku thupi la galimoto.
- Batire lachiwiri. Magalimoto ena ali ndi awiri. Mercedes-Benz zambiri za sitopu-sitati zili ndi kabatire kothandizira, ndipo kakatha pamabwera uthenga wa `Auxiliary Battery Malfunction` ngakhale lalikulu lili latsopano. Nissan Serena S-Hybrid ili ndi awiri pansi pa boneti, S-95 ndi K-42.
- Waya wa ethi wochokera ku injini kupita ku thupi wachita dzimbiri. Yezani pakati pa injini ndi negetivu ya batire sitata ikuzungulira. Kupitirira 0.5 V ndiye kuti wayayo kapena pomangira pake pakufunika kuyeretsa kapena kusintha.

## Chizindikiro 4: Ikagona masiku awiri kapena atatu siilira

Ngati imalira bwino tsiku lililonse koma mukaisiya kumapeto kwa sabata Lolemba yafa, zoyambitsa ndi ziwiri: batire lataya kale malo ake mkati, kapena chinachake sichikugona.

Galimoto yokhomedwa, makompyuta ake atagona, iyenera kudya pansi pa 50 mA, ndiko kuti 0.05 A. Kugonako kumatenga nthawi, pa magalimoto ena mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo kungotsegula chitseko kumawadzutsa onse. Woyeza wodziwa ntchito amagwiritsa ntchito mita yopanira pa waya, osachotsa temino. Chinthu chodya 0.3 A chimamaliza 7.2 Ah pa tsiku, moti pa masiku 5 theka la batire la 70 Ah lapita. Kumbukirani kuti silinayambire podzaza.

Akuba magetsi ofala mu Lusaka ndi zinthu zoikidwa pambuyo: thiraka yolondolera kumene galimoto ili, makamaka imene kabatire kake ka mkati kanafa, alamu, wailesi ya sikirini yoikidwa m'malo mwa yolemba Chijapani ija koma yolumikizidwa ku waya wa magetsi osazima, ndi kamera ya pa galasi. Pambuyo pa izi pamabwera nyali ya m'buti yosazima, kenako kiyi wosiyidwa pafupi kwambiri ndi galimoto usiku, amene pa magalimoto ena amachititsa makompyuta kudzukadzuka. Palinso chizolowezi chathu chino cha magetsi akazima kunyumba: kukhala m'galimoto n'kumachaja mafoni ndi laputopu injini itazima, kapena kulumikiza inivata ku batire la galimoto. AGM imapirira kutsika kuposa wamba, koma si batire la sola.

Ngati palibe chikuba, batire likayezedwe ndi makina oyezera mabatire. Onetsetsani kuti woyezayo wasankha AGM pa makinawo ndipo walowetsa nambala ya A yolembedwa pa batire ndi muyeso wake, EN, SAE kapena JIS. Akasankha molakwika, makina angapereke chigamulo chabodza mbali iliyonse.

## Chizindikiro 5: Mita ikuonetsa manambala osinthasintha injini ikulira

Nthawi ina 12.5 V, nthawi ina 14.8 V. Makaniko wozolowera magalimoto akale akaona 12.5 V injini ikulira amati alitaneta yapita, chifukwa iye amayembekezera pakati pa 13.8 ndi 14.4 V nthawi zonse. Pa galimoto ya alitaneta yolamulidwa ndi kompyuta kusinthasintha kumeneku ndiyo ntchito yake. Maalitaneta abwinobwino ambiri amasulidwa pachabe chifukwa cha ichi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ikulira, yatsani magetsi akutsogolo ndi fani pa liwiro lalikulu, dikirani pang'ono. Nambala iyenera kukwera kupitirira 13 V n'kukhazikika. Kapena lumikizani mita ku soketi ya mkati, mnzanu aziwerenga mukuyendetsa: mukachotsa phazi pa mafuta ikwere kufika cha m'ma 14.5 mpaka 15 V, mukaponda mafuta itsike. Alitaneta ndi yokayikitsa ngati nambala sikwera konse ngakhale mutayatsa zonse, ngati nyali yofiira ya batire yayaka, kapena ngati ikukhala pamwamba pa 15 V osatsika. Musanaimasule onani lamba wake ndi kapulagi ka waya wolamulira. Ndipo musalole aliyense kuyesa alitaneta pochotsa temino injini ikulira. Mayesedwe akale amenewo amapsereza makompyuta.

## Chizindikiro 6: Batire latupa, likutentha kapena likununkha ngati dzira lovunda

Apa imani. Zimitsani injini kapena chaja, tsegulani zitseko ndi buti, musasute fodya pafupi ndipo musalijampe. Mpweya wotuluka mu batire lowira umayaka ndi kamoto kakang'ono. Itanani wa magetsi a galimoto.

Zoyambitsa, kuyambira zofala:

1. Chaja yolakwika. Machaja akuluakulu akale a m'mbali mwa msewu, amene amamangirira mabatire angapo nthawi imodzi, sadziletsa. Pa chaja, AGM sifunika kupitirira 14.4 mpaka 14.8 V. Ikapitirira, madzi ake amasanduka mpweya n'kutuluka pa valavu, ndipo sangabwezeredwe. Usiku umodzi pa chaja yotere ungathe kuumitsa AGM yatsopano.
2. Batire wamba likuchajidwa ngati AGM. Limawira, limataya madzi, ndipo mumaona chinyontho ndi ufa woyera pa matemino.
3. Kutentha. Ichi ndicho chofooka cha AGM. Imaopa kutentha kuposa batire la asidi wamadzi, n'chifukwa chake opanga magalimoto amakonda kuiika m'buti kapena m'kabokosi kotchinjiriza. Ngati galimoto yanu ya ku Japan inabwera ndi EFB pambali pa injini, kuikamo AGM poganiza kuti mwakweza kungakupatseni batire lodula koma losakhalitsa. Ngati batire linali ndi jekete kapena chivundikiro chotchinjiriza kutentha, chibwerere. Ambiri amachitaya tsiku losintha.
4. Selo imodzi yafa. Batire limaonetsa pafupifupi 10.5 V litapuma ndipo limatentha likamachajidwa. Limenelo latha.

Musabowole kapena kutsegula AGM kuti muthiremo madzi kapena asidi, ngakhale wina atakuuzani kuti anadzutsapo ambiri. Valavu ikawonongeka mpweya wa kunja umalowa n'kuwononga mapuleti.

## Posintha ndi pojampa

Ngati batire lili pansi pa boneti pamalo oonekera, mukhoza kusintha nokha. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, masulani negetivu poyamba, pozitivu pambuyo. Pomanga yambani pozitivu, negetivu pomaliza. Mangani chogwirira batire mwamphamvu, poti maenje a m'misewu nthawi ya mvula amaligwedeza mpaka mapuleti kusweka. Pa mabatire a ku Japan onani mbali ya matemino: Q-85 ndi Q-85R ndi otembenuzana. Ngati lili m'buti, kapaipi kotulutsira mpweya kunja kalowe pa bowo la mbali imodzi, ndipo bowo la mbali inayo litsekedwe ndi kachivundikiro kake. Mukatha, pitani mukalembetse tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Pojampa kapena pochaja batire lili m'galimoto, waya wofiira upite ku pozitivu kapena pamalo ojampira a pansi pa boneti, wakuda upite ku chitsulo cha injini kapena cha thupi, osati pa mutu wa negetivu. Mukatero sensa imaona magetsi olowawo ndipo kompyuta imadziwa kuti batire ladzaza. Musajampe kuchokera ku lole ya 24 V. Mukajampa, musaganize kuti kuzungulira mphindi 20 kwadzaza batire. Lichajeni mokwanira ndi chaja yoyenera.

## Pamene muyenera kusiyira katswiri

- Batire latupa, lang'ambika kapena likudontha.
- Pa temino ya pozitivu pali kabokosi kokhala ndi pulagi yachikasu. Pa BMW ndi magalimoto ena kameneka kali ndi kachiphulitso kodula magetsi pa ngozi, ndipo kamalumikizana ndi dongosolo la maeyabagi.
- Kuti mufike pa batire muyenera kumasula mpando wokhala ndi mawaya a eyabagi.
- Galimoto ndi ya haibulidi kapena ili ndi dongosolo la 48 V. Mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe.
- Munalumikiza mawaya mozondoka ngakhale kwa sekondi imodzi. Musayesenso kuliza, mafyuzi aakulu ndi alitaneta ziyambe zayezedwa.
- Mutasintha batire, nyali za ABS, eyabagi kapena chiwongolero sizikuzima ngakhale mutayenda pang'ono.
- Magetsi akubedwa usiku koma mwachotsa zonse zoikidwa pambuyo ndipo sizinasinthe.

Posankha wa magetsi, mufunseni mafunso awiri asanagwire sipanala: ngati makina ake amalembetsa batire pa mtundu wa galimoto yanu, ndiponso Ah ndi mtundu wa batire umene kompyuta yasunga pakali pano. Akuonetseni pa sikirini, muyerekeze ndi zolembedwa pa chikwangwani cha batire limene lili m'galimotomo.